Lipoti: nkhuku za nyama zofa ndi kutentha m'khola la malata ku Nchalo

Foni inalira cha m'ma 1 koloko masana, sabata yoyamba ya Novembala, mvula isanagwe. Anali mayi wina woweta nkhuku za nyama kufupi ndi Nchalo, m'boma la Chikwawa. Mawu awo oyamba anali akuti: "Alangizi, chitopa chandilowera. Dzana zafa zisanu ndi imodzi, dzulo 11, lero ndasiya kuwerenga." Ndinawafunsa nthawi imene nkhukuzo zikufa. Anati masana. Ndinafunsanso ngati m'mawa akatsegula khola amapezamo zakufa usiku, ndipo anati ayi, m'mawa zimakhala zabwinobwino, zimathamangira chakudya. Ndinawapempha kuti asathire mankhwala aliwonse m'madzi mpaka nditafika.

Zimene ndinapeza

Mayiwa anagula anapiye 600. Pa masabata awiri oyamba anafa 14, zomwe sizachilendo, ndiye zinatsala 586. Tsiku limene ndinafika nkhukuzo zinali ndi masiku 33, zikudya finisha, chakudya cha masabata omaliza. Katemera wa chitopa ndi wa gumboro anaperekedwa pa nthawi yake, ndipo masiku ake anali olembedwa m'kope. Aka kanali kachitatu kuweta m'khola lomwelo. Gulu loyamba analowetsa mu Meyi, lachiwiri mu Julayi, onse a nkhuku 600, ndipo sanaone vuto. N'chifukwa chake khola sanalikayikire n'komwe.

Kholalo ndi la mamita 10 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi, kutanthauza masikweya mita 40. Muyezo wake anatengera kwa mchemwali wawo amene amaweta ku Bvumbwe, kumene kuli kozizira. Denga ndi la malata, lotsika moti ine ndikakweza dzanja ndimaligwira. Khoma la njerwa lafika m'chiuno mwa munthu wamkulu, ndipo waya wayambira pamenepo kukafika kudenga. Anamanga chonchi poopa akuba ndi agalu. Mbali imodzi yaitali yayang'ana kumadzulo, ndiye kuyambira cha m'ma 2 koloko dzuwa limalowa mpaka pakati pa khola. Masaka amene anatchinga nawo anapiye ali aang'ono anali akadali pamenepo, atangowapinda theka. Maso a waya anali atatsekeka ndi fumbi, nthenga ndi ukonde wa akangaude.

Nditalowa, chimene chinandilandira ndi phokoso la kupuma. Nkhuku pafupifupi zonse zinali zitayasama kukamwa, khosi likugunda mofulumira, mapiko atatsika ndi kutalikirana ndi thupi. Zambiri zinagona chafufumimba, zina zitakumba utuchi kuti chifuwa chikhudze simenti. Pa zodyera panalibe ndi imodzi yomwe. Zinaunjikana pa zomwera, ndipo zomwera zinayi mwa khumi zinali zouma. Ndinaviika chala m'chimodzi chimene munali madzi: anali ofunda ngati osambitsira mwana.

Ndinayeza kutentha cha m'ma 2 koloko. Panja, pamthunzi wa mtengo, panali madigiri 39. M'khola, pakati, ndikayeza pa msinkhu wa nkhuku, 41. Pa ngodya ya kumadzulo, 43. Ndikunena za msinkhu wa nkhuku dala, chifukwa munthu ataimirira nkhope yake ili pa waya ndipo amamva kamphepo, pamene nkhuku ili pansi, kuseri kwa khoma, m'mene mpweya sukuyenda. Ndinawauza mayiwo kuti anjute pakati pa khola kwa mphindi imodzi. Anadzuka akupukuta thukuta, n'kunena kuti, "Koma ndiye ndi uvuni."

Pofika madzulo a tsikulo zinafa 19. Pamodzi ndi za masiku awiri apitawo zinakwana 36.

Chifukwa chimene ndinakanira kuti si chitopa

Ndinatumbula nkhuku zinayi zimene zinali zitangofa kumene. Zonse zinali zikuluzikulu, zonenepa, zitatu mwa izo atambala. Zithokomiro zinali ndi chakudya cha m'mawa. Mkati mwa thupi munali motentha kwambiri, mapapo atadzaza magazi, nyama ya pachifuwa itayezuka ngati yaviikidwa m'madzi otentha. M'matumbo ndi m'chifu chaching'ono chija chili patsogolo pa nthutumba munalibe timadontho ta magazi timene timaoneka kawirikawiri pa chitopa. M'mimba munalibe madzi. M'khola sindinaone nkhuku yopinda khosi, yozungulirazungulira, kapena zitosi zobiriwira, ndiponso munalibe zitosi za magazi. Zitosi zinali zamadzimadzi basi, monga zimakhalira nkhuku ikamamwa kwambiri.

Koma chimene chinandikhutiritsa kuposa mpeni ndi kafedwe kake. Matenda sayang'ana wotchi. Chitopa chimapha usiku ndi usana, chimagwira yaikulu ndi yaing'ono, ndipo zotsala zimaoneka zodwala ngakhale m'mawa. Apa nkhuku zimafa pakati pa 1 koloko ndi 5 koloko, zimafa zonenepa, ndipo zambiri amazitola ku mbali ya kumadzulo ndi m'ngodya. Ndinawauza mayiwo kuti tikakonza khola koma imfa n'kupitirira, makamaka ya usiku, titumiza zina ku labotale ya ziweto, chifukwa diso lokha silitsekeratu nkhani ya matenda.

Nkhuku ilibe thukuta. Thupi lake limakhala pa madigiri 41 kapena kupitirira pang'ono, ndipo likakwera ndi madigiri anayi kapena asanu okha, yafa. Nkhuku ya nyama ya masabata asanu imamva bwino mpweya ukakhala pa madigiri 18 mpaka 24. Kukakhala kozizira chonchi, kutentha kwa m'thupi kumangotuluka kokha kudzera pa khungu, m'miyendo ndi kunsi kwa mapiko. Mpweya ukayandikira kutentha kwa thupi lake, njira imeneyo imatsekeka, ndipo imatsala imodzi: kupuma mwawefuwefu kuti madzi a m'khosi ndi m'njira za mpweya aziuluka n'kutenga kutentha. Njira imeneyi imafuna zinthu ziwiri. Imafuna madzi ambiri obwezera amene akuuluka, ndiponso imafuna mphepo yochotsa mpweya wachinyezi umene nkhuku zikutulutsa. Mpweya wachinyeziwo ukangokhala pomwepo, nkhuku imawefuka osazizira, ndipo kuwefukako kumawonjezeranso kutentha chifukwa ndi ntchito ya minofu. M'khola la mayiwa madzi ndi mphepo zonse zinali zoperewera.

Kuwerenga makilo m'malo mwa mitu

Mayiwo anandifunsa funso loyenera: "Nanga bwanji mu Julayi nkhuku 600 zomwezi zinakwana?" Tinatenga sikelo n'kuyeza nkhuku 20 zotola mwachisawawa. Iliyonse imalemera pafupifupi makilogalamu 1.8. M'mawa wa tsikulo m'khola munali nkhuku 569, ndiye kuti munali nyama yamoyo yoposa makilogalamu 1,000 pa masikweya mita 40, kapena kuti makilogalamu oposa 25 pa sikweya mita imodzi. Pa khola lotseguka m'mbali, lopanda mafani, malangizo a oweta mitundu imeneyi ya nkhuku ndi akuti m'nyengo yotentha kwambiri musapitirire makilogalamu 16 mpaka 18 pa sikweya mita. Pa nkhuku zogulitsa zili ndi makilogalamu awiri, ndiye kuti nkhuku 8 kapena 9 pa sikweya mita. Mayiwa anali ndi 14.

Nkhuku iliyonse ndi kambaula. Imadya, imagaya, imakula, ndipo zonsezi zimatulutsa kutentha. Mwanapiye wa sabata imodzi amafuna kuti mumuwonjezere moto, koma nkhuku yomweyo ikafika sabata yachisanu imatulutsa kutentha kochuluka kwinaku nthenga zitaiphimba. Zikathithikana, iliyonse imaotcha inzake, mphepo sidutsa pakati pawo, ndipo utuchi wa pansi suzizira chifukwa palibe malo opanda nkhuku. Mu Julayi mpweya wozizira umameza kutentha konseko, ndiye kuthithikanako sikuoneka. Mu Novembala kulibe kokuthira. Ichi ndi chifukwa chake vuto silinayambe pa sabata yachitatu ngakhale kunkatentha chimodzimodzi: khola linali lomwelo, dzuwa lomwelo, koma makilo anali asanakwane.

Zimene tinachita tsiku lomwelo

Tinayamba ndi zosalira ndalama. Masaka onse tinachotsa, waya tinasesa ndi tsache mbali zonse. Zodyera tinazikweza m'mwamba. Mbali ya kumadzulo tinaimika mphasa pa mitengo, motalikirana ndi khoma ndi mita imodzi ndi theka, kuti zitchinge dzuwa koma mphepo izidutsa m'mbali ndi pansi. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa: amapachika mphasa kapena saka pa waya penipeni, dzuwa n'kutchingika, mphepo nayo n'kutchingika.

Kenako madzi. Nkhuku ya msinkhu umenewu imadya pafupifupi magalamu 150 pa tsiku, ndipo kukakhala kozizira imamwa madzi ochepera pang'ono kuwirikiza kawiri chakudyacho, tinene mamililita 270 mpaka 300. Kutentha kukadutsa madigiri 21, ludzu limakwera ndi digiri iliyonse, moti pofika m'ma 38 imamwa kuwirikiza kawiri. Nkhuku 550 zimafuna malita 300 kapena kuposa pa tsiku. Mnyamata wawo wantchito amadzaza zomwera khumi za malita 10 kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo. Amenewo ndi malita 200, ndipo a m'mawa amatha nthawi yeniyeni imene akufunika. Mnyamatayo sanalakwe, amachita zimene anamuuza mu Meyi.

Madziwo amasungidwa m'thanki yakuda ya pulasitiki imene inali padzuwa tsiku lonse. Madzi ofunda nkhuku imangowalawa n'kuchoka, ndipo ngakhale imwe sayiziziritsa. Tinakhuthula thankiyo, kuikokera pansi pa mtengo, kuikulunga ndi masaka onyowa. Zomwera zinali ndi ndere zoterera mkati, zomwe zimakula msanga m'madzi ofunda. Tinazitsuka ndi sopo, ndipo tinagwirizana kuti azitsuka m'mawa uliwonse. Tinabwereka zomwera zina zisanu kwa neba ndi mabeseni atatu, n'kuzimwaza kuti nkhuku isayende mamita oposa awiri kufuna madzi, pakuti nkhuku yolemera yowefuka siyenda ulendo. Lamulo linali lakuti kuyambira 10 koloko mpaka 5 koloko madzi azisinthidwa maola awiri aliwonse, otsala ofunda atayidwe kunja, osati pa utuchi. M'madzi tinkathira mankhwala a kolorini omwe aja timatetezera madzi akumwa pakhomo, pa mlingo wolembedwa pa botolo. Katemera anali atatha kale. Akanakhala kuti akadalipo wa m'madzi, kolorini tikanayamba tamusiya masiku awiri, chifukwa amapha katemera.

Mayiwo anali atagula kale mapaketi awiri, ina ya mankhwala opha tizilombo, ina ya mchere ndi mavitamini amene ogulitsa amati ndi a kutentha. Yoyambayo ndinaikana. Panalibe tizilombo tofuna kupha, mankhwala ena amasintha kakomedwe ka madzi nkhuku n'kuchepetsa kumwa, ndipo koposa zonse, akanathira sitikanatha kugulitsa nkhuku mawa lake chifukwa pali masiku odikira mankhwala atuluke m'nyama. Yachiwiriyo ndinaganizira kaye. Nkhuku ikawefuka nthawi yaitali imataya mpweya wa kaboni wochuluka, magazi amasintha, ndipo imataya mchere wina wa m'thupi, ndiye mapaketi otere kapena soda wophikira pang'ono amathandiza ndithu. Koma ndinalawa madzi a pamjigo wawo ndipo anali ndi kamchere, monga ilili mijigo yambiri m'chigwa cha Shire. Kuwonjezera mchere pa madzi amchere kale kukanachititsa zitosi kukhala zamadzi kwambiri, utuchi n'kunyowa, chinyezi n'kukwera. Tinangopereka vitamini C yekha. Sindinganene kuti ndi amene anapulumutsa nkhuku.

Chomaliza tsikulo ndinaonetsa mnyamatayo kuyenda m'khola pang'onopang'ono ola lililonse, osaziopseza. Nkhuku ikadzuka, kutentha kumene kunatsekeka kunsi kwake kumatuluka, ndipo nthawi zambiri imapita kukamwa. Zimene zinali zitagwa kale tinazitulutsa, kuziika pamthunzi, kuzinyowetsa miyendo ndi kunsi kwa mapiko ndi madzi ozizira. Mwa zisanu ndi ziwiri, zinayi zinadzuka. Zakufa zonse tinazikwirira, ngakhale panali anthu amene anabwera kudzapempha.

Kupungula khola

Apa ndi pamene panavuta kukambirana. Mayiwo amafuna kusunga nkhuku mpaka masiku 42 kuti zigulitsidwe pa mtengo wabwino. Ndinawauza kuti tsiku lililonse nkhukuzo zikuwonjezera thupi, ndiye mawa khola lidzakhala lothina kuposa lero ngakhale osalowetsamo ina. Atawerengera mtengo wa nkhuku 36 zokwiriridwa, anavomera.

M'bandakucha wa tsiku la 34, cha m'ma 4 koloko, tinasankha nkhuku 120 zikuluzikulu, zimene zinali pa chiopsezo kwambiri, n'kuzipereka kwa ogula a kumsika ndi okazinga. Zina 130 tinazisamutsira m'chisakasa cha udzu cha mamita 5 ndi 4 chimene amasungiramo nkhuni, titazunguliza waya ndi kuthira mankhusu a mpunga pansi. Kugwira ndi kunyamula nkhuku kuchitike usiku kapena m'bandakucha basi. Kuzigwira masana otentha n'kuzipha ndi manja. M'khola lalikulu munatsala 300, zomwe ndi pakati pa 7 ndi 8 pa sikweya mita, ndipo tinawerenga kuti ngakhale zifike makilogalamu 2.2 sizidutsa makilogalamu 17 pa sikweya mita.

M'mawa womwewo mmisiri anagumula njerwa m'khoma motalikiranatalikirana, mbali zonse ziwiri zazitali, kuyambira mzere wachitatu kuchokera pansi, n'kutseka mabowowo ndi waya. Pamwamba pa malata tinayala udzu wokhuthala ngati chikhatho n'kuupsinja ndi mitengo. Malata amene aotchedwa ndi dzuwa amawawula nkhuku kuchokera kumwamba ngati mbaula, ngakhale mphepo ikuyenda. Masana mnyamata amawaza madzi pa udzuwo kawiri. Zimenezi zimagwira ntchito mpweya ukakhala wouma monga umakhalira mvula isanagwe. Mvula ikayamba, mpweya n'kudzaza chinyezi, phindu lake limachepa kwambiri. M'khola momwe ndinaletsa kuwaza madzi.

Pamene ndinalakwitsa

Kugaya chakudya kumatulutsa kutentha kwa maola angapo nkhuku itadya. Ikakhuta cha m'ma 10 koloko, kutentha kwa m'mimba kumakumana ndi kwa dzuwa la 2 koloko. Choncho tinagwirizana kuti zodyera zizikwezedwa 9 koloko m'mawa, ndipo ine ndinati azizitsitsa 4 koloko. Uku kunali kufulumira. Tsiku la 34 masana onse sinafe ndi imodzi yomwe, koma 4 koloko kunja kunali kukadali madigiri 36. Nkhuku zanjala zinathamangira zodyera, kukwerana, kulimbirana, ndipo pasanathe ola zinafa zisanu ndi ziwiri. Mayiwo anaimba foni mawu atasintha: "Alangizi, si munati zatha?" Ndinawauza kuti nthawi ndinatchula ndine, ndipo inali yolakwika.

Tinasintha. Chakudya chizitsika dzuwa litalowa, cha m'ma 6 koloko, nkhuku zikasiya kuyasama, ndipo chizindikiro chikhale nkhukuzo osati wotchi. Zodyera zonse zitsike nthawi imodzi, anthu awiri akuyambira mbali zosiyana, komanso tinawonjezera malo odyera ndi zivindikiro za ndowa kwa ola loyamba. Usiku tinkayatsa mababu awiri a sola kuti zidye kukuzizira, kusiya maola anayi a mdima pakati pa usiku kuti zipume, kenako kuyatsanso kuti zidye m'bandakucha.

Zotsatira

Tsiku la 35 zinafa ziwiri, la 36 imodzi, ndipo kuchokera pamenepo sinafenso ina. Zonse zofa ndi kutentha zinakwana 46. Usiku sinafepo ndi imodzi, ndiye za labotale tinazisiya. Nditabwerera tsiku la 37, 2 koloko masana, panja panali madigiri 39 ngati poyamba ndipo m'khola pa msinkhu wa nkhuku munali 38. Nkhuku zimawefukabe, koma zimadzuka, kumwa, n'kukagona motalikirana. M'chisakasa cha udzu munali bwinoko kuposa m'khola lalikulu.

Chiwerengero cha 38 chimenechi chikusonyeza malire a zonse tinachitazi. Khola lotseguka, ngakhale likonzedwe bwanji, silingazizire kwenikweni kuposa mpweya wa panja. Chimene tingathe ndi kuletsa kuti lisatenthe kuposa panja, ndi kupatsa nkhuku mphepo, madzi ndi malo kuti ipirire maola anayi oipawo. Kupirirako kuli ndi mtengo wake. Nkhuku 420 zotsala zinagulitsidwa pakati pa tsiku la 38 ndi la 42 zikulemera pafupifupi makilogalamu awiri, pamene za mu Julayi pa msinkhu womwewo zinali zoposerapo, chifukwa nkhuku yotenthedwa imadya pang'ono.

Za gulu lotsatira

Denga silingakwezedwe chaka chino ndipo khola silingatembenuzidwe, ngakhale likanayenera kumangidwa litali lake likuchokera kum'mawa kupita kumadzulo kuti dzuwa lizidutsa pamwamba pa denga osalowa m'mbali. Chimene tagwirizana ndi chakuti khoma ligumulidwe lonse mpaka litsale mizere itatu kapena inayi ya njerwa, waya wolimba afike pansi, ndipo pamsonga pa denga patsegulidwe mpata wovindikira kuti mpweya wotentha uzitulukira kumwamba. Thanki ikhale pamthunzi mpaka kalekale, ndipo zomwera zifike 15.

Pa chiwerengero sitinamvane kwenikweni. Ine ndinalemba m'kope mwawo kuti gulu lililonse limene lidzafike sabata yachisanu pakati pa Okutobala ndi Disembala lisapitirire anapiye 320, ndipo ogula akhale atapezeka kale kuti zikuluzikulu ziyambe kutuluka pa tsiku la 32. Miyezi yozizira angathe kufika 400. Mayiwo akuti 320 sizibweza ndalama ya chakudya ndi ya mnyamata, makamaka gulu la Khirisimasi limene mtengo umakhala wabwino, ndipo akufuna 450. Ndawauza kuti ngati ndi 450, chisakasa cha nkhuni chija chikonzedwe kukhala khola lachiwiri anapiye asanafike, ndipo agawidwe pa sabata yachitatu. Anati afunsa kaye mmisiri mtengo wa waya.